Mabowo asanu a rimu ya ngolo: kupeza poboola kuchokera pakati pa puleti

Funso: Ndimawotcherera ngolo kuno ku Kasungu, ndipo ndimagwiritsa ntchito marimu a Noah a mabawuti asanu. Poboola puleti ndimangosanjika rimu n'kulemba ndi choko m'mabowo mwake, koma kawirikawiri bawuti limodzi limakana kulowa, tayala n'kumavina. Mwana wanga wa ku tekiniko anandilembera papepala kuti PCD 114.3, mabowo 5, loyamba pa 90°, koma wabwerera kusukulu asanandifotokozere. Puleti ndi ya mamilimita 200 kwa 200. Ndili ndi veniya, sikweya ndi kakyuleta yake. Manambala atatuwa ndiwatani kuti ndidziwe poboola?

Yankho: Bambo, mwanayo wakusiyirani zokwanira. Kuchokera pa manambala atatuwo tipeza miyeso iwiri ya bowo lililonse: kuti kuchokera pakati pa puleti mupite kumanja kapena kumanzere mamilimita angati, kenaka mukwere kapena mutsike angati. Muyeso wopingasawo timautcha x, woimirirawo y. Mukakhala nayo iwiriyi, choko ndi rimu muziika pambali.

Tiyambe ndi 114.3. Jambulani m'maganizo mzere wozungulira wodutsa pakati penipeni pa mabowo asanu onse a rimu. PCD ndi dayamita ya bwalo limenelo, ndipo 114.3 ndi mainchesi anayi ndi theka atawasandutsa mamilimita, n'chifukwa chake nambalayo ili ndi kamchira. Koma ife tikuyeza kuchokera pakati, ndiye tikufuna theka lake, rediyasi. Gawani 114.3 pawiri, mupeza 57.15. Bowo lililonse lili pa mtunda wa 57.15 kuchokera pakati, palibe lapafupi, palibe lapatali. Chosiyana ndi mbali imene layang'ana basi.

Mbaliyo imachokera pa manambala awiri otsalawo. Kuzungulira bwalo lonse ndi madigiri 360, ndipo mabowo asanu akagawana mofanana, kuchoka pa limodzi kufika pa linzake ndi madigiri 72. Nambala yachitatu ija, 90°, ikunena pamene bowo loyamba lakhala. Apa pali chizolowezi chimene kakyuleta imatsata ndipo inunso muyenera kuchitsata: madigiri 0 ali kudzanja lamanja, pamene pamakhala 3 koloko pa wotchi, ndipo timawerenga mosemphana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera. Choncho 90 ali pamwamba, pa 12 koloko, 180 ali kumanzere, 270 ali pansi. Mwana wanu wanena kuti bowo loyamba likhale pamwamba penipeni. Mukamawonjezera 72 nthawi iliyonse, mabowo anu ali pa 90, 162, 234, 306 ndi 378. Womalizayo wapyola bwalo lathunthu, ndiye mutha kuchotsapo 360 n'kutsala ndi 18. Kakyuleta ilibe nazo kanthu, 378 ndi 18 imayankha chimodzimodzi.

Masamu ake ndi awa, pamene A ndi madigiri a bowo limene mukuwerengera:

```
R = PCD / 2
x = R × cos(A)
y = R × sin(A)
```

Musanadine china chilichonse, yesani kakyuletayo. Dinani sin 30. Ikayankha 0.5, ili bwino. Ikayankha -0.988 ndiye kuti ili pa RAD, ikayankha 0.454 ili pa GRA, ndipo manambala onse amene ingakupatseni ndi osokonekera ngakhale aoneke aulemu. Pamwamba pa galasi lake payenera kuoneka kachilembo D kapena DEG. Kakyuleta ya mwana wasukulu imapezeka ili pa RAD kawirikawiri, chifukwa masamu ena a m'kalasi amafuna choncho, ndiye musaidalire musanaifunse funso laling'onoli.

Bowo loyamba silivuta. Pa 90, cos ndi 0 ndipo sin ndi 1, kotero x ndi 0, y ndi 57.15. Simupita kumanja kapena kumanzere, mungokwera 57.15 pa mzere wapakati.

Lachiwiri tiliyendere pang'onopang'ono. Dinani cos 162, mupeza -0.9511. Chulukitsani ndi 57.15, yankho ndi -54.35. Kamzere ka mayinasi kali kutsogoloko si cholakwa, kakutanthauza kuti mupite kumanzere. Tsopano sin 162 ndi 0.3090, kuchulukitsa ndi 57.15 kumapereka 17.66, yopanda mayinasi, ndiye kuti mukwere. Bowo lachiwiri lili mamilimita 54.35 kumanzere kwa pakati ndi 17.66 pamwamba pa mzere wopingasa. Ngati kakyuleta ikulola, lembani zonse kamodzi, 57.15 × cos 162, kuti musadule manambala panjira.

Lachitatu, pa 234, limatuluka ndi mamayinasi awiri: x ndi -33.59, y ndi -46.24, kumanzere ndi pansi. Awiri otsalawo ndi mapasa a amenewa kumbali yamanja. Onse pamodzi ali motere:

```
bowo   A     x        y
1      90     0.00    57.15
2      162  -54.35    17.66
3      234  -33.59   -46.24
4      306   33.59   -46.24
5      18    54.35    17.66
```

Musanakhudze chitsulo, manambalawa angathe kudzilondera okha. Phatikizani ma x onse asanu, polemekeza mamayinasi, muyenera kupeza 0. Ma y nawonso chimodzimodzi: 57.15 ndi 17.66 kawiri zimapanga 92.47, ndipo 46.24 kawiri kumapita pansi ndi 92.48. Kusiyana kwa 0.01 kwabwera chifukwa tinadula manambala, si vuto. Koma mukapeza kuti zatsala 67, 92 kapena 109, pali bowo limene mwaliiwalira mayinasi. Lamuloli limagwira pa mabowo aliwonse ogawidwa mofanana pa bwalo, akhale atatu, asanu ndi awiri kapena khumi ndi awiri. Cholakwa china chodziwika ndi kuchulukitsa ndi 114.3 m'malo mwa 57.15. Chimenechi sichigwidwa ndi kuphatikiza kuja, koma pa puleti yanu chidziulula chokha, chifukwa bowo loyamba lingagwere mamilimita 114.3 pamwamba pa pakati, kunja kwa puleti imene kuchokera pakati kufika m'mphepete ndi 100 yekha.

Tsopano kuika manambala pachitsulo. Veniya siikonda kuyeza kuchokera pa kadontho ka pakati, imakonda m'mphepete moti nsagwada yake ikoloweke. Ndiye sankhani mbali ziwiri za puleti, yakumanzere ndi yapansi, muzipale ndi fayilo mpaka ziwongoke ndipo sikweya ikhale pakona pake popanda kuwala kudutsa. Miyeso yonse ichokere pa mbali ziwiri zimenezi. Mbali ziwiri zinazo muziiwale, chifukwa puleti yodulidwa ndi gulayinda siikhala 200 yeniyeni, ndipo mukayeza bowo lina kuchokera kumanzere, lina kuchokera kumanja, kusiyanako kumalowa pakati pa mabowo. Pakati panu ndi pamene pali 100 kuchokera kumanzere ndi 100 kuchokera pansi. Wonjezerani 100 pa x ndi y aliyense, mamayinasi onse atha:

```
bowo   kumanzere   pansi
1      100.00      157.15
2       45.65      117.66
3       66.41       53.76
4      133.59       53.76
5      154.35      117.66
```

Taonani ubwino wa kuyamba pa 90. Mizere yopingasa imene mukufunika kukanda ndi itatu yokha, pa 157.15, pa 117.66 ndi pa 53.76, chifukwa bowo lachiwiri ndi lachisanu ali pa mzere umodzi, lachitatu ndi lachinayi pa mzere umodzinso. Pakani puleti ndi inki ya maka yakuda pamalo amene mizere idutse, kuti kukanda kuonekere kowala. Mangani veniya pa muyeso, ikani kachizindikiro, kenaka kokani mzere ndi sikweya ndi chokandira chakuthwa. Mzere wa choko ndi wonenepa kuposa milimita, ndiye ungameze masamu onse amene tachitawa. Ndi dzanja ndi diso simungafike pa 0.01 ya milimita, ndipo palibe akufuna zimenezo. Manambala awiri a pambuyo pa kadontho tawasunga kuti masamu asatayike, koma pachitsulo mukakhala mkati mwa 0.2 kapena 0.3 mwagwira ntchito yabwino.

Kandaninso mizere iwiri ya pakati, pa 100 ndi 100, menyani panchi mopepuka pamene yakumana, ndipo ndi kampasi yachitsulo yotsegulidwa 57.15 jambulani bwalo. Bwalolo liyenera kudutsa pa mphambano zisanu zonse. Ikapezeka mphambano imene bwalo laiphonya, bwererani ku muyeso wake musanamenye panchi.

Pali muyeso umodzi umene ndimaukonda kuposa yonse pa ntchito imeneyi, chifukwa umagwira wabodza chitsulo chisanaonongeke. Ndi mtunda wowongoka kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa loyandikana nalo. Umapezeka pochulukitsa PCD ndi sin ya theka la madigiri a pakati pa mabowo. Theka la 72 ndi 36, ndipo 114.3 × sin 36 ndi 67.18. Nambalayi ili kale m'ndandanda wathu: bowo lachitatu ndi lachinayi ali pa mzere umodzi, lina 33.59 kumanzere, lina 33.59 kumanja, pamodzi 67.18. Tsegulani kampasi pa 67.18 n'kuyesa mipata isanu yonse. Nsonga ziwiri zigwere m'timadontho ta panchi paliponse. Mungayesenso modumpha bowo limodzi, monga kuchokera pa lachiwiri kufika pa lachisanu, pamene payenera kukhala 108.71. Kadontho kakapezeka kapatuka pang'ono, pendeketsani panchi n'kukamenya molunjika kumene kayenera kupita, kamasuntha. Mukatero ndiye menyani mwamphamvu.

Mwina mufunsa kuti, ngati 67.18 ikudziwika, bwanji osangojambula bwalo n'kuyenda ndi kampasi kasanu? Amisiri ambiri amatero ndipo zimatheka, koma njirayo imaunjika zolakwa. Tiyerekeze kuti kampasi yatseguka 67.5 m'malo mwa 67.18, kusiyana kumene diso silingakuone. Sitepe iliyonse imapyola ndi pafupifupi 0.4 ya milimita potsata bwalo, ndipo pobwerera pamene munayambira mwapyola pafupifupi mamilimita awiri. Mipata inayi ndi yotalika pang'ono, wachisanu ndi wamfupi kwambiri, ndiye bawuti lija limodzi lokana kulowa. Wodziwa amabwereza kuyenda, kuchepetsa kampasi pang'onopang'ono mpaka sitepe yachisanu igwere pa kadontho koyamba. Pogwiritsa x ndi y vutoli palibe, popeza bowo lililonse layezedwa palokha. Likalakwika lachiwiri, lachitatu silitengera. Ine ndimati x ndi y zikhale zolembera, kampasi ikhale yotsimikizira.

Kapulotilakita ka m'bokosi la masamu la mwana nakonso musakadalire. Pa bwalo lanu la rediyasi 57.15, digiri imodzi ndi pafupifupi milimita imodzi yathunthu potsata bwalo. Mukaphonya theka la digiri powerenga kapulasitiki kaja, bowo lasuntha theka la milimita. Ndi chifukwa chomwechonso, tsiku limene mudzapatsidwe mabowo asanu ndi awiri, musadzadule 360 kugawa 7 n'kunena kuti 51. Ndi 51.43, ndipo mukataya 0.43 pa sitepe iliyonse, bowo lomaliza lidzakhala litabwerera m'mbuyo madigiri opyola awiri ndi theka. Muzilemba mu kakyuleta 360 ÷ 7 × nambala ya masitepe, n'kuwonjezera madigiri oyambira, osadula kalikonse.

Poboola, musayambe ndi chiboolero chachikulu. Nsonga yake ndi yobuntha pakati, imayendayenda isanalume. Yambani ndi cha mamilimita 4 kapena 5, puleti itamangidwa kuti isasunthe, muyesenso mipata, kenaka mumalize. Ngati mabawuti ndi a M12, bowo la 13 ndi lokwanira. Mabowo ataboolidwa pakati pake sipaonekanso, ndiye yezani chitsulo chotsala pakati pa mabowo awiri oyandikana: 67.18 kuchotsa 13, chiyenera kukhala 54.18 paliponse. Chizolowezi chokulitsa bowo mpaka 15 kapena 16 kuti bawuti lilowe chimabisa cholakwa tsiku loyamba lokha. Manati a marimu achitsulo ambiri ali ndi mutu wosongoka umene umadzikokera pakati pa bowo la rimu. Bawuti likakhala pamalo olakwika, natiyo imalipinda pomanga, ndipo bawuti lopindidwa limene likunyamula matumba a chimanga mumsewu wa mabampu limamasuka kapena kuthyoka. Ngati mumawotcherera mitu ya mabawuti kumbuyo kwa puleti, mangani kaye rimu ndi manati onse asanu, mabawuti adzikhazike okha, ndiye muwagwiritse ndi moto.

Ndibwerere pa 114.3, chifukwa masamu abwino pa PCD yolakwika ndi ntchito yotayika. Pa marimu a Noah mwanayo walondola. Koma marimu ogula pa sikirapu amasakanikirana, ndipo a mabowo asanu si onse ofanana. Magalimoto ena a Toyota omwewo, monga Wish ndi Premio, ali ndi PCD ya 100. A Mercedes ambiri ndi 112, a BMW akale ndi 120. Pa rimu ya mabowo anayi kapena asanu ndi limodzi mumangoyeza kuchokera pa bowo kufika pa loyang'anizana nalo, n'kupeza PCD. Pa asanu palibe bowo loyang'anizana ndi linzake, ndiye timabwerera m'mbuyo kudzera pa mpata uja. Yezani pakati ndi pakati pa mabowo oyandikana, chulukitsani ndi 1.701. Mukapeza 67.2 ndi 114.3, mukapeza 65.8 ndi 112, mukapeza 58.8 ndi 100, mukapeza 70.5 ndi 120.

Vuto la njira imeneyi ndi lakuti imakulitsa cholakwa cha dzanja lanu. Mukaphonya theka la milimita poyeza, pa PCD mwaphonya 0.85, ndipo kusiyana kwa 112 ndi 114.3 si kwakukulu. Ndi bwino kuyeza modumpha bowo limodzi n'kuchulukitsa ndi 1.0515, popeza apo theka la milimita limangokhala pafupifupi theka lomwelo. Pa rimu ya 114.3 mupeza 108.7, pa ya 112 mupeza 106.5. Kuti mupeze pakati ndi pakati popanda kungoganizira ndi diso, yezani kuchokera m'mphepete mwa kunja mwa bowo lina kufika m'mphepete mwa mkati mwa linzake. Mabowo akakhala ofanana kukula, muyeso umenewo ndi wofanana ndi wa pakati ndi pakati. Rimu ya 112 imatha kukakamizika pa mabawuti a 114.3, ndipo imeneyo ndi mbiri ina ya tayala lovina.

Nanga madigiri oyambira aja, kodi ayenera kukhala 90 nthawi zonse? Pa puleti yanu, imene ilibe china chilichonse choti mabowo agwirizane nacho, ayi. Rimu siidziwa kuti pamwamba ndi pati. Mutayamba pa 0, bowo loyamba likhala kumanja pa x 57.15, lachiwiri pa x 17.66 ndi y 54.35, manambala omwe aja atangosinthana malo, ngati mwatembenuza puleti. Ndipo mutayamba pa 18 mupeza mabowo omwewo amene tapeza ndi 90, chifukwa 18 ndi 72 ndi 90. Madigiri oyambira amasintha chinthu pakati pa 0 ndi 72 pokha, kupyola apo zimangobwereza.

Amakhala ofunika pamene pa puleti pali china. Pa mafulenji a mapaipi a madzi, mwambo ndi wakuti mabowo asakhale pa mzere woimirira kapena wopingasa, auike pakati pawo. Fulenji ya mabowo asanu ndi atatu ili ndi masitepe a madigiri 45, ndiye bowo loyamba limakhala pa theka lake, 22.5. Mukawotcherera fulenji mutayamba pa 0, valavu yomangidwa pamenepo imakhala yopendekeka. Komanso mukalandira chojambula kwa munthu, funsani kuti madigiri ake akuchokera pati. Ena amawerenga kuchokera pamwamba motsata wotchi. Madigiri 10 a munthu wotero ndi 80 a kakyuleta, kutanthauza 90 kuchotsa 10. Onaninso kuti chojambulacho chikuonetsa nkhope iti ya puleti. Mabowo anu oyambira pa 90 ndi ofanana kumanzere ndi kumanja, ndiye ngakhale mulembe kumbuyo palibe chosintha. Koma oyambira pa 10, mukawalemba kumbuyo n'kutembenuza, bowo loyamba lipezeka pa 170.

Nkhani ya madigiri oyambira imayankhanso funso limene owotcherera ngolo amafika nalo posakhalitsa: ndapeza habu ya mabawuti anayi ya PCD 100, ngati ya Vitz, kodi ndingapange puleti imodzi yokhala ndi mabowo anayi a habuyo ndi asanu a rimu ya Noah? Tiwerengere. Mabowo anayi ali pa rediyasi 50, pa madigiri 0, 90, 180 ndi 270. Asanu aja ali pa rediyasi 57.15, kungosiyana 7.15. Mukayambitsa asanuwo pa 0, loyamba likhala pa mzere umodzi ndi bowo la habu. Mukayambitsa pa 18, lachiwiri ligwera pa 90, vuto lomwelo. Malo abwino koposa ndi pakati pake, pa madigiri 9, pamene mabowo ali pa 9, 81, 153, 225 ndi 297. Awiri oyambawo atalikirana ndi mabowo a habu madigiri 9 okha. Bowo la pa 9 lili pa x 56.45 ndi y 8.94, la habu lili pa x 50 ndi y 0. Kusiyana ndi 6.45 mopingasa ndi 8.94 moimirira, ndipo mtunda wowongoka pakati pawo ndi mamilimita 11. Mabowo awiri a 13 otalikirana 11 amadyana, asanduka bowo limodzi lalitali. Palibe madigiri oyambira amene angapulumutse zimenezi, n'chifukwa chake zolumikizira zotere zogulitsidwa m'masitolo nthawi zambiri zimakhala zidutswa ziwiri zomangirirana. Kudziwa izi papepala kumatenga mphindi zochepa, pamene kudziwira pachitsulo kumadya puleti yathunthu. Ndipo zonse ndikunenazi ndi za ngolo yoyenda pa liwiro la ng'ombe. Puleti yolembedwa ndi dzanja isapite pa galimoto yoyenda pamsewu.

Tsopano za kuvina kwa tayala, popeza x ndi y zithetsa gawo limodzi lokha. Imikani ngolo pa mwala, zunguzani tayala, gwirani choko pafupi ndi m'mphepete mwa rimu osachisuntha. Yang'anani ngati rimu ikukwera ndi kutsika, kapena ikupita uku ndi uku cham'mbali. Ndi matenda awiri osiyana.

Kukwera ndi kutsika kumatanthauza kuti pakati pa bwalo la mabowo si pamene pali pakati pa shafiti. Mabowo asanu angathe kukhala olondola okhaokha, rimu n'kulowa bwinobwino, koma bwalo lonse litasunthira mbali imodzi. Likasuntha milimita imodzi, choko chionetsa mamilimita awiri, chifukwa mbali ina yatuluka ndi imodzi, inayo yalowa ndi imodzi. Apa ndi pamene njira yosanjika rimu imagonja kwambiri, popeza palibe chimene chimamanga rimu ku pakati pa puleti pamene mukulemba. Mankhwala ake ndi akuti kadontho ka pa 100 ndi 100 kamene kabala mabowo asanu kabalenso bowo lapakati lolowa paipi ya mabeyaringi. Musanadule bowo limenelo, jambulani ndi kampasi mabwalo onse kuchokera pa kadontho komweko: la mabowo, la bowo lapakati, lina lokulirapo pang'ono loti litsale ngati mboni mukadula, ndi la kunja ngati mudzaizungulitsa puleti. Bowo lapakati likadulidwa ndi moto limakhala lamanomano, ndiye poika paipi yezani kuchokera pa paipi kufika pa mzere wa mboni mbali zinayi, osati kudalira m'mphepete modulidwamo. Ngati puleti yabwera ili kale ndi bowo pakati, khomeranimo kathabwa kothina, mukhomepo kachidutswa ka lata, mupeze pakati pa bowolo pa kalatako, ndipo 100 ndi 100 uja alowedwe m'malo ndi miyeso yeniyeni ya kadontho kameneko kuchokera kumanzere ndi pansi. Kumene kuli makina osemera zitsulo mozunguza, njira yabwino koposa ndi kusema bowo lapakati ndi kukanda bwalo la 114.3 puleti isanamasulidwe pamakinapo. Akusiyireninso kaphewa kolowa m'bowo lapakati la rimu, limene pa marimu a Toyota a mtundu uwu ndi 60.1, ngati paipi yanu ikulola.

Kupita uku ndi uku cham'mbali kulibe chochita ndi mabowo. Ndi puleti imene siinaime mowongoka pa paipi, kapena imene moto waikoka. Mukawotcherera mbali imodzi mpaka kumaliza, chitsulo pozizira chimakokera puleti kumeneko. Gwiritsani timadontho tinayi moyang'anizana, zunguzani n'kuyesa ndi choko chija, konzani ndi hamala timadonthoto tikadali tokha, kenaka muwotcherere pang'onopang'ono mosinthanasinthana mbali. Milimita imodzi yopendekeka pa bwalo la mabawuti imafika pa mamilimita atatu kapena kuposa m'mphepete mwa rimu ya mainchesi 15, chifukwa m'mphepetemo ndi kutali ndi pakati kuposa katatu. Yesaninso rimu yeniyeniyo pa habu ya galimoto kapena pa puleti imene mukuidziwa kuti ndi yowongoka, popeza marimu ena a pa sikirapu anafika kumeneko atapindika kale.

Popeza ngolo mumapanga zambiri, musamabwereze kulemba konseku pa puleti iliyonse. Tengani puleti imodzi yokhuthala, muilembe mosamala monga tafotokozera, muboole mabowo asanu ndi lapakati ndi chiboolero cha 5 chokha, muyese mipata ya 67.18 ndi 108.71, n'kudinda pamwamba pake 5 × 114.3. Pa puleti yatsopano boolani kabowo ka 5 pakati, lowetsani kachitsulo kothina kodutsa mapuleti onse awiri, mangani, boolani bowo loyamba, mulowetsemo kachitsulo kena kuti isazungulire, ndiye mumalize anayi otsalawo. Timabowo ta puleti yotsogolerayo timakula pang'onopang'ono ndi kugwira ntchito, ndiye chiboolero cha 5 chikayamba kugwedera m'menemo, lembani ina.